Kuuza mabwana kuti pulojekiti ichedwa

"Pulojekiti yathu ichedwa ndi masabata 3 chifukwa zipangizo sizinafike. Ndiwauze bwanji mabwana?"

Achimwene, auzeni msanga pamaso, musanalembe lipoti, ndipo chiganizo chanu choyamba chitchule tsiku latsopano lomalizira ntchito. Ndaona kuti mabwana amakwiya kwambiri akamva nkhani yotere kwa ena, kapena mukatchula tsiku lomwe mudzalisinthenso, choncho ngati ogulitsa sanatsimikize polemba tsiku lobweretsa zipangizo, nenani kuti masabata 3 adalira lonjezo la pakamwa chabe.

Chifukwa chake chifotokozeni mwachidule, popanda kuloza munthu chala: tsiku lomwe munaitanitsa katundu, lomwe amayenera kufika, ndi lomwe munadziwa za vutoli. Pa zotsatira ndi pomwe muyenera kukhalitsa, pakuti kuchedwa kwa zipangizo kumachedwetsa pulojekiti yonse pokhapokha ngati ntchito zotsatira sizingayambe popanda zipangizozo. Onetsani ntchito zomwe zaima, zomwe zikupitirira, komanso ndalama zolipira antchito amene akungodikira.

Kenako perekani njira ziwiri, monga kugula kwina pamtengo wokwera n'kupulumutsa sabata imodzi, kapena kudikira, ndipo nenani yomwe inuyo mukuikonda ndi tsiku lomwe ayenera kusankha. Ngati kontrakiti ili ndi chindapusa cha kuchedwa, funsani loya musanalembere kasitomala chilichonse.