Kusiyana kwa madola 3.80 kutha kubisa masheya 40

*Alangizi, ndinalemba pulogalamu yondigulira ndi kundigulitsira masheya, ndipo imasunga yokha kaundula wa zomwe ndili nazo. M'mawa uliwonse ndimayerekeza ndalama zonse zomwe pulogalamuyi ikunena ndi zomwe zili mu akaunti yanga kwa buloka, kampani yomwe maoda anga amadutsira popita pamsika. Lero pulogalamu ikuti madola 10,010.00, buloka akuti 10,006.20. Kusiyanaku ndi kochepa. Ndingokusiya, kapena ndiziuza pulogalamu kuti izingokopera nambala ya buloka?*

Zikomo akulu. Musakusiye, komanso musakopere. Vuto loyamba lili pa nambala yomwe mwasankha kuyerekeza. Ndalama zonse za mu akaunti ndi zinthu ziwiri zophatikizana: ndalama zenizeni zomwe zangokhala, ndi mtengo wa masheya omwe muli nawo. Cholakwika chikalowa, nthawi zambiri chimakhudza mbali zonse ziwiri, ina kukwera ina kutsika, ndiye mukaphatikiza zimatsala pang'ono kufafanizana. Nambala yophatikiza imaoneka yabwinobwino pomwe mkati mwasokonekera.

Ndikupatseni njira imodzi yomwe madola 3.80 anuwo angabadwire. Tinene kuti dzulo munayamba ndi madola 10,000.00 mulibe sheya iliyonse. Pulogalamu inatumiza oda yogula masheya 100 a kampani ina, pamtengo wosapitirira madola 50.00, oda ya tsiku limodzi. Itangotumiza, inalemba mu kaundula wake kuti muli ndi masheya 100 ndi ndalama zotsala madola 5,000.00. Koma pamsika panapezeka ogulitsa masheya 60 okha, pa madola 49.98. Otsala 40 sanagulidwe, ndipo oda inafa msika utatsekedwa. Buloka anachotsa madola 2,998.80 a masheya 60 aja ndi dola imodzi ya komishoni, mwakuti ndalama zanu zenizeni ndi 7,000.20.

Tsopano msika watseka pa madola 50.10. Pulogalamu ikuwerengera masheya 100, omwe ndi 5,010.00, kuphatikiza 5,000.00, zonse 10,010.00. Buloka akuwerengera masheya 60, omwe ndi 3,006.00, kuphatikiza 7,000.20, zonse 10,006.20. Kusiyana ndi 3.80, ndendende ngati kwanuko. Koma masheya asiyana ndi 40, ndipo ndalama zenizeni zasiyana ndi madola 2,000.20.

Zoopsa zimabwera tsiku logulitsa. Pulogalamu ikhulupirira kuti muli ndi masheya 100, ndiye itumiza oda yogulitsa 100. Ngati akaunti yanu salola kugulitsa zomwe mulibe, oda ikanidwa, ndipo mukhalabe ndi masheya 60 omwe mumafuna kuwataya, pulogalamu italemba kale kuti zonse zagulitsidwa. Ngati akaunti ndi yololedwa kubwereka, oda itha kudutsa yonse, inu n'kutsala ndi ngongole ya masheya 40 yomwe pulogalamu sikuidziwa n'komwe. Palibe oda yoiteteza, palibe woiyang'anira, ndipo mtengo ukamakwera ngongoleyo ikukula.

Choncho sinthani dongosolo la ntchito ya m'mawa. Yambani ndi kuchuluka kwa masheya, kampani iliyonse payokha. Apa palibe zoti kusiyanaku ndi kochepa: 100 ayenera kukhala 100, ndipo kusiyana kwa sheya imodzi ndi chifukwa chokwanira choimitsira malonda. Muyerekeze kuchokera mbali zonse ziwiri. Anthu ambiri amayenda mu kaundula wa pulogalamu n'kumafunsa ngati buloka ali nazo, koma mukatero simudzaona zomwe buloka ali nazo pomwe pulogalamu sikuzidziwa, ndipo zimenezo ndiye zoopsa kwambiri. Mu Python, mtima wa ntchitoyi ndi mizere yochepa chabe:

```python
for s in set(zanga) | set(za_buloka):
    d = za_buloka.get(s, 0) - zanga.get(s, 0)
    if d != 0:
        imitsa_malonda(s, d)
```

Samalani chinthu chimodzi musanafike pa mizere imeneyi. Seva ya buloka ikalephera kuyankha, kapena ikayankha mndandanda wopanda kanthu chifukwa kulumikizana sikunathe, pulogalamu isamve ngati mulibe masheya. Kusayankhidwa ndi kukhala opanda kanthu ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pulogalamu yomwe yasokoneza ziwirizi imagulanso zonse zomwe muli nazo kale. Yankho likakayikitsa, idikire, ifunsenso, ndipo ikalepherabe ikudziwitseni ndi kukhala chete osagula kanthu.

Masheya akagwirizana, pitani ku maoda omwe adakali moyo kwa buloka. Oda yomwe pulogalamu inaiwala itha kugula mawa popanda wina kuiyembekeza. Ndipo ngati mumadalira oda yogulitsa mtengo ukagwa kuti musaluze kwambiri, onetsetsani kuti ilipodi, ndi kuti kuchuluka kwake kukufanana ndi masheya omwe muli nawo. Mu chitsanzo chathu, oda yoteteza masheya 100 pomwe alipo 60 ndi msampha womwewo wa ngongole ya 40.

Kenako ndiye ndalama zenizeni, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe luso lili. Musamangochotsa nambala ina pa inzake. Yambani ndi ndalama zomwe munagwirizana nazo dzulo m'mawa, chotsani zonse zogulira, onjezani zonse zogulitsa, chotsani makomishoni ndi chiwongoladzanja, onjezani ndalama zomwe mwaikamo ndi madividendi, omwe ndi phindu lomwe kampani imagawira eni masheya, muone ngati mukufika pa nambala ya buloka. Kusiyana kukatsala, kufotokozeni chidutswa ndi chidutswa mpaka kuthe. Madola 2,000.20 aja amamasuka motere: 2,000.00 ndi masheya 40 omwe sanagulidwe, 1.20 ndi masenti awiri omwe munapulumutsa pa sheya iliyonse mwa 60, ndipo pachoke 1.00 ya komishoni yomwe pulogalamu sinalembe. Palibe chotsala, ndiye mwadziwa kuti palibenso china chobisala. Kukanatsala madola 12, ndikanati funani chinthu chachinayi, mwina dividendi, mwina ndalama yomwe buloka amadula pamwezi.

Pa ndalama mutha kulola kusiyana kwa masenti ochepa obwera chifukwa chodula manambala, koma malirewo akhale ochepadi, ndipo muziwayang'ana m'masiku angapo. Kusiyana komwe lero kuli mbali iyi mawa mbali iyo ndi kwa kudula manambala. Komwe kumakula tsiku ndi tsiku mbali imodzi ndi ndalama yomwe mukulipira osailemba. Mu pulogalamu, ndalama muziwerengera ndi `Decimal` osati `float`, kuti masenti abodza asamachokere kwa inu nomwe.

Onetsetsaninso kuti mukuyerekeza zinthu zofanana. Pa akaunti zambiri, makamaka za malonda a ndalama za maiko, muona manambala awiri, `balance` ndi `equity`. Yoyamba siwerengera phindu kapena kuluza kwa malonda omwe simunatseke, yachiwiri imawerengera ndipo imasintha mtengo ukangosuntha. Mukayerekeza kaundula wanu ndi nambala yolakwika, muzipeza kusiyana tsiku lililonse mpaka mudzatopa n'kusiya kuwerenga, ndipo pamenepo ntchito yonse yafa. Pa masheya palinso kusiyana kwa ndalama zomwe zalembedwa tsiku la malonda ndi zomwe zakhazikika kale, kutanthauza kuti ndalama zafikadi kwa wogulitsa ndipo masheya afika kwa wogula. Ku America, kuyambira pa 28 Meyi 2024, malonda a masheya amakhazikika tsiku limodzi la ntchito pambuyo pake. Misika ina imatenga masiku awiri. Sankhani nambala ya tsiku la malonda, chifukwa ndi yomwe pulogalamu yanu ikutsatira. Nthawi nayo ikhale imodzi: tengani manambala onse msika usanatsegulidwe, pulogalamu isanatumize oda iliyonse, ndipo tsiku lizithera pa ola lomwe buloka amatsekera mabuku ake, osati pa wotchi ya kompyuta yanu.

Mtengo wa zonse pamodzi, womwe inu mumayambira, ubwere pomaliza. Masheya ndi ndalama zikagwirizana, kusiyana kotsala ndi kwa mitengo yomwe aliyense wagwiritsa ntchito, ndipo sikuopsa.

Tsopano zokopera. Ndi zoona kuti pakakhala mkangano, zomwe zili kwa buloka ndizo muli nazo. Kaundula wa pulogalamu ndi zomwe ikuganiza chabe. Mapeto ake kaundulayo ayenera kufanana ndi buloka. Koma pulogalamu ikamakopera mwakachetechete, mwachotsa chizindikiro n'kusiya matenda. Mu chitsanzo chija, ilemba 60 m'malo mwa 100, inu osadziwa kuti ili ndi khalidwe lolemba malonda omwe sanachitike, ndipo masana a tsiku lomwelo ichitanso zomwezo kuyerekeza kwa mawa kusanafike. Palinso nthawi zomwe kukopera kuchuluka kokha kumawononga. Kampani ikagawa masheya ake, monga inachitira Nvidia mu Juni 2024 pomwe sheya imodzi inasanduka 10, muli ndi masheya ambiri koma mtengo wagawidwanso. Pulogalamu ikakopera kuchuluka kwatsopano n'kusunga mtengo wakale wogulira, iona ngati mwaluza magawo 90 pa 100 aliwonse ndipo itha kugulitsa zonse.

Njira yomwe ndimalimbikitsa ndi iyi. Kusiyana kukapezeka, pulogalamu iime kutsegula malonda atsopano, isunge zomwe mbali zonse ziwiri zinanena panthawiyo, ikutumizireni uthenga. Isayese kukonza yokha pogula kapena kugulitsa. Inu mutsegule mndandanda wa malonda omwe anachitikadi kwa buloka, mupeze chomwe chasiyanitsa, mulembe mzere wokonza wokhala ndi tsiku ndi chifukwa, osafufuta mzere wakale, kenako muilole kupitiriza. Uthengawo uzibweranso ngakhale zonse zili bwino, chifukwa m'mawa wopanda uthenga utha kutanthauza kuti kuyerekezako sikunachitike.

Mukatha apo, konzani gwero. Kaundula azisintha pokhapokha buloka watsimikiza kuti masheya agulidwa, pa kuchuluka ndi mtengo womwe wanena, osati pomwe oda yatumizidwa. Oda imodzi itha kukwaniritsidwa m'zidutswa zingapo, ndipo chidutswa chilichonse chimakhala ndi nambala yake. Isungeni, kuti uthenga umodzi ukabwera kawiri musaulembe kawiri. Oda iliyonse muziipatsanso nambala yanu musanaitumize, yomwe mabuloka ambiri amaitcha `client_order_id` kapena dzina lofanana nalo. Netiweki ikaduka yankho lisanabwere, oda itha kukhala italandiridwa. Ndi nambala imeneyo pulogalamu ifunse kaye buloka za oda ija, m'malo motumiza ina n'kugula kawiri.

Za lero, pulogalamu isatumize oda iliyonse musanatsegule tsamba la masheya omwe muli nawo kwa buloka ndi kuwawerenga kampani ndi kampani. Akafanana onse, ndipo ndalama zenizeni zikasiyana ndi 3.80 yokhayo, funani komishoni kapena mtengo wogulira womwe pulogalamu inalemba molakwika. Akapanda kufanana, yambani ndi oda yomaliza ya dzulo muone kuti inakwaniritsidwa masheya angati.