Uthenga wosokonekera mawu: nyemba za achimwene zipite kwa ndani?

"Ndikulemba kuchokera ku Ulongwe. Achimwene anga amayendetsa lole pakati pa Tete ndi Zobwe, ndipo nyemba zawo amasungitsa kunyumba kwanga. Usiku wapitawu, nthawi ili 11:40, ananditumizira uthenga uwu: 'Mumupatse mawa asanu wa amalume matumba mnyamata a nyemba ndalama abwera nazo.' Foni yawo sikupezeka. Bambo a kunyumba akuti nyembazo ndiwapatse amalume ndipo ndalama zibwera pambuyo, koma ine mtima ukukayika. Kodi achimwene amafuna kunena chiyani?"

Mayi, mwachita bwino kukayika, chifukwa uthengawu uli ndi mbali ziwiri zosiyana. Mbali yoyamba, yonena za amene alandire katundu ndi kuchuluka kwake, ingathe kumasuliridwa mosakayika konse ngakhale mawu ake ali mbwerekete. Mbali yachiwiri, yonena za ndalama, siingatsimikizike ndi kuwerenga kokha, ngakhale mutaubwereza uthengawo kakhumi. Ndinakuyankhani mwachidule m'mawa womwewo, ndipo pano ndikufuna kuonetsa njira imene ndinadutsa, kuti tsiku lina mudzathe kudutsamo nokha.

Chiganizo chikasokonekera, ambirife timayamba kuchiwerenga kuchokera kumanzere kupita kumanja mobwerezabwereza, tikuyembekeza kuti chiwongoka chokha. Njira yabwino ndiyo kusiya kaye ndondomeko ya mawuwo n'kufunafuna mneni, popeza m'chinenero chathu mneni amanyamula m'thupi mwake zizindikiro za anthu ndi zinthu zimene akukamba. Mneni woyamba mu uthenga wa achimwene anu ndi "mumupatse". Mukamuphwanya mupeza "mu" woyamba, amene akuimira inuyo olamulidwa, kenako "mu" wachiwiri, amene akuimira munthu mmodzi wolandira, kenako tsinde lonena za kupatsa. "Mu" wachiwiriyo ndiye akuthetsa mkangano wa m'nyumba mwanu. Munthu woleredwa bwino kuno ku Angoniya sanganene za amalume ake kuti "mumupatse", ndipo ngakhale atatopa chotani dzanja lake limalemba "muwapatse", chifukwa ulemu umenewu tinauyamwira ndipo sitichita kuuganizira. Mu uthenga wonsewo dzina limodzi lokha ndilo likugwirizana ndi "mu" ameneyo, ndipo dzinalo ndi "mnyamata". Choncho wolandira nyemba ndi mnyamatayo. Bambo a kunyumba ananyengedwa ndi kuyandikana kwa mawu, poona kuti dzina la munthu loyamba kutchulidwa pambuyo pa mneni ndi la amalume.

Tsopano taonani kachidutswa kali patsogolo pa amalumewo. Achimwene anu sanalembe "amalume" pawokha, analemba "wa amalume". Kamawu kakuti "wa" kakufuna mwini wake wa gulu la Mu-A, munthu mmodzi, ndipo matumba kapena nyemba sizingakatenge, pakuti timati "matumba a amalume" ndi "nyemba za amalume". Kotero "wa amalume" akubwerera kwa mnyamata yemwe uja, ngakhale pakati pawo palowerera mawu ena. Chimodzimodzi "asanu" akufuna dzina loyenda ndi "a". Zikanakhala kuti zowerengedwa ndi nyemba kapena ndalama tikanaona "zisanu", zikanakhala ndowa tikanaonanso "zisanu", koma thumba ndi la gulu la Li-Ma, ndiye timati matumba asanu. "A nyemba" nayenso akulowera ku matumba omwewo. Mukabweza chidutswa chilichonse kwa mwini wake mupeza chiganizo choyera chotere: "Mumupatse mnyamata wa amalume matumba asanu a nyemba."

Apa ndiyenera kuwathokoza achimwene anu pa chinthu chimodzi, chakuti nambala anailemba m'mawu. Akanalemba 5, monga timachitira ambiri pafoni, mgwirizanitsi, ndiko kuti "a" uja wa mu "asanu", akanasowa, ndipo nambalayo ikanatha kukhala ya matumba, ya ola lofikira mnyamatayo, kapenanso ya tsiku la mwezi. Mawu akuti "khumi" nawonso sakanatithandiza, chifukwa sasintha: matumba khumi, ndowa khumi, anthu khumi. Manambala athu oyambira chimodzi mpaka zisanu ndiwo amavala chizindikiro cha dzina limene akuwerenga.

Chimene chikutipulumutsa m'mbali yoyambayi ndi chikhalidwe cha chinenero chathu. Akatswiri a zinenero Joan Bresnan ndi Sam Mchombo anaonetsa mu 1987 kuti m'Chichewa, mneni akakhala ndi chizindikiro cha pamtherankhani, ndiko kuti chochitiridwa ntchito, m'kati mwake, mwininkhani, mneni ndi pamtherankhani angathe kusanjidwa m'njira zonse zisanu ndi imodzi popanda kusintha amene wachita ndi amene wachitiridwa. Yesani nokha: "Mbuzi zinachidya chimanga", "Chimanga zinachidya mbuzi", "Zinachidya mbuzi chimanga". Paliponse "zi" akuloza mbuzi ndipo "chi" akuloza chimanga. Mukachotsa "chi" uja ufuluwo umachepa, ndipo chimanga chiyenera kutsatana ndi mneni. Chipwitikizi chimene ana athu amalembera kusukulu sichili choncho, pakuti kumeneko mukasinthanitsa malo a galu ndi munthu mwasinthanso woluma ndi wolumidwa. N'chifukwa chake uthenga wosokonekera wa m'Chinyanja nthawi zambiri umakonzeka mosavuta kuposa wa m'Chipwitikizi.

Palinso china chimene ndinachiona zaka zimene ndinkachonga zolemba za ana asukulu, ndipo ndimachionanso m'mauthenga a akuluakulu. Munthu wotopa kawirikawiri sathyola timagulu ting'onoting'ono ta mawu, amangotimwaza. Mu uthenga uwu "wa amalume" ali pamodzi, "a nyemba" ali pamodzi, "abwera nazo" ali pamodzi. Ndikuona m'maganizo munthu amene waimika lole m'mbali mwa msewu pakati pa usiku, maso akulemera, akulemba chimene chafika msanga m'mutu, kenako n'kukumbukira kuti sanatchule kuti asanuwo ndi chiyani, n'kuwonjezera pamene chala chagwera. Choncho powerenga musamwazenso zimene mwini wake anazisiya zogwirana. Sunthani timaguluto tathunthu.

Tifike tsopano pa mawu atatu omaliza, "ndalama abwera nazo", pamene pagona vuto lenileni. "Nazo" angaloze ndalama kapena nyemba, popeza mayina onsewa ndi a gulu limodzi la I-Zi, koma apa nzeru wamba ikutithandiza: munthu wobwera kudzatenga nyemba sangabwerenso ndi nyemba, ndipo "ndalama" ndi dzina limene laima pafupi. Chovuta ndi "a" wa mu "abwera". Tikamanena za zimene zichitike posachedwa timati "mnyamata abwera" ndiponso "amalume abwera", mofanana ndendende. Chizindikiro chimene chinasiyanitsa anthu awiriwa mu "mumupatse" pano palibe. Kuwonjezera apo, ngati mneniyu ndi wa amalume, angathe kutanthauza kuti abwera kale nazo, ndiko kuti ndalamazo zaperekedwa kwa achimwene anu. Pakamwa timasiyanitsa ziwirizi ndi kamvekedwe, mawu akakwera kapena kutsika pa "a" woyambayo, koma kalembedwe kathu sikaonetsa zimenezo. Kwa mnyamata tanthauzo la zochitika kaleli silingatheke, chifukwa tikanaona "wabwera".

Ndiye kuti m'mawu atatuwa muli nkhani zitatu. Mwina mnyamatayo afika ndi ndalama m'manja ndipo inu mulandire musanatulutse katundu, mwina amalume adzabwera nazo nthawi yawo ndipo nyemba zituluke pangongole, mwinanso analipira kale ndipo inu musafunse kanthu. Mawu akuti "mawa" sakuthandiza kusankha, chifukwa muonjezi wa nthawi alibe mgwirizanitsi womumangirira kwa mneni mmodzi, ndipo angathe kukhala wa kupatsa, wa kubwera, kapena wa zonse ziwiri. Kuyandikana kwake ndi "mumupatse" kukundichititsa kukhulupirira kuti ndi tsiku lopereka. Mwachitanso bwino kunditumizira nthawi ya uthengawo, popeza unalembedwa 12 koloko ya usiku isanakwane, ndiye "mawa" wawo ndi tsiku limene inu munadzuka n'kuuwerenga.

Mukandifunsa kumene ine ndikupendekera, ndinena kuti kwa mnyamata. Iyeyo ndiye mutu wa nkhani kuyambira pa mneni woyamba, ndipo polankhula sitisintha munthu amene tikumukamba popanda kumutchulanso dzina. Amalume alowa mu uthengawu ngati chizindikiro chabe chodziwira mnyamatayo. Achimwene anu akanafuna kunena kuti olipira ndi amalume, ndikuganiza kuti akanawonjezera "okha" kapena "eni ake". Komabe uku ndi kupendekera, ndipo sikufanana ndi kutsimikiza kumene tinali nako pa "mumupatse" ndi "asanu". Matumba asanu a nyemba ndi thukuta la nyengo yathunthu, ndipo si chinthu chotulutsa pakhomo potsamira kupendekera kwa munthu wowerenga ali kutali.

Chimene ndinakulangizani, ndipo ndikuchibwerezanso, ndicho kupatula zimene zatsimikizika ndi zimene zatsala. Konzani matumba asanu, muyembekezere mnyamata wa amalume. Akafika ndi ndalama zokwanira, tanthauzo loyamba lija latsimikizika lokha ndipo palibe chofunsa. Akafika chimanjamanja, musamubweze mwaukali ndipo musamupatse katundu, koma muimbire amalume, amene foni yawo mwina ikupezeka, muwafunse mwaulemu mmene anapanganirana ndi achimwene anu. Kwa achimwenewo tumizani uthenga umene adzaupeze foni ikayaka, ndipo usakhale wakuti "sindinamve", chifukwa munthu wotopa adzangolembanso zosokonekera zomwezo. Muwalembere chiganizo chowongoka kuti iwo angovomera kapena kukana: "Achimwene, ndamva kuti ndimupatse mnyamata wa amalume matumba asanu a nyemba lero. Kodi ndalama abwera nazo mnyamatayo, kapena amalume?" Funso lotere liyankhika ndi liwu limodzi, ngakhale munthu ali pamzere wa malole pachipata cha Zobwe.

Pomaliza pali chinthu chimene agwirizanitsi sangakuuzeni, ndipo ndi inu nokha mukuchidziwa. "Mnyamata wa amalume" angathe kukhala mwana wawo kapena wantchito wawo. Ngati amalume ali ndi anyamata oposa mmodzi amene amawatuma, muwonjezere funso limenelo pa uthenga womwewo, kuti achimwene anu atchule dzina la amene akubwera.