Kubisa manambala a khadi mu lipoti ya maoda

"Abale, ndikadaunilodi maoda ku shopu yathu ya pa intaneti fayilo ikumabwera ndi manambala onse a makhadi ndi ma akaunti a makasitomala. Nditumize bwanji kwa akauntanti?"

Achimwene osangopanga Hide kolamuyo mu Excel ayi, munthu akadina Unhide basi zonse zili poyera. Siyani manambala 4 omaliza okha, amakwana kufananitsa ndi siteti ya ku banki. Ngati nambala ili mu A2 lembani izi mu B2 nkukokera mmunsi:

```
=REPT("*",LEN(A2)-4)&RIGHT(A2,4)
```

4111111111111234 isanduka ************1234. Kenako kopani kolamu B, Paste Special > Values, mufufutiletu kolamu A yonse ndiye musevele ngati fayilo ina, poti fomula ija imadalira A.

Koma chenjerani apa, fayiloyo ikakhala ya CSV mukangoitsegula mwachindunji Excel imasunga madijiti 15 okha, ya 16 imasanduka 0, ndiye mupeza makhadi onse akuthera ndi ziro, 1234 yakhala 1230, akauntanti wanu mutu uwawa. Ilowetseni kudzera Data > From Text/CSV kolamuyo muiike Text.

Muonenso kolamu ya ndemanga, makasitomala ena amalemba akaunti yonse mmenemo. CVV, nambala yachitetezo ija ya kumbuyo kwa khadi, ikapezekamo fufutani yonse, malamulo a chitetezo cha makhadi a PCI DSS salola kuisunga malipiro akadutsa.