Funso linadulika mutu, nanga ansa yasiyana kawiri bwanji?

"Achimwene, ndili fomu 4. Mnzanga ananditumizira chithunzi cha pepala la masamu koma mizere iwiri yapamwamba inadulika. Zomwe zikuoneka ndi K200,000, 30% pachaka, zaka 2, kenako (a) ngongole yonse, (b) phindu lotsala akagulitsa katundu K400,000 nkubweza ngongole, (c) anthu awiri agawane phindulo 2:3, wochepayo apeza zingati. Ine ndapeza K24,800, aphunzitsi akuti K12,408. Ndabwereza katatu pa kalikyuleta sindikuona polakwika. Ndaphonya pati?"

Mng'ono wanga, ukhoza kubwereza ka 20 uzipezabe 24,800 yomweyo chifukwa zala zako sizinalakwe olo pamodzi. Vuto linalowa usanagwire nkomwe kalikyuleta, nthawi ija unayang'ana malo odulikawo nkudzadzamo wekha zomwe umaganiza kuti zinalembedwa, ndipo mwina sunazindikire nkomwe kuti ukudzadza.

Ndayamba ndaitsata njira yako. Kuti ufike pa 24,800 ndiye kuti unatenga chiwongola dzanja chowonjezedwa kamodzi pachaka, 200,000 × 1.3 × 1.3 = 338,000, kuchotsa pa 400,000 kutsala 62,000, magawo awiri mwa asanu ndi 24,800. Zaukhondo bwinobwino. Koma muli zoganizira ziwiri mmenemu zomwe pepala silinakuuze: choyamba kuti chiwongola dzanja chikulowa pachaka, chachiwiri kuti ngongole ikuyambira pa 200,000 ndendende popanda kena kowonjezera.

Ndiye ndinatenga ansa ya aphunzitsi nkuyenda nayo chobwerera mbuyo. 12,408 kugawa ndi 2 kutaimusa ndi 5 ikupereka 31,020, limenelo ndiye phindu lawo. 400,000 kuchotsa 31,020 ndi 368,980, ngongole yonse. Apa ndinayamba kuyesa makiyi ngati munthu wotaya kiyi wa loko. Pachaka ija ikupereka 338,000, kugawa 368,980 ndi imeneyi ikutuluka 1.0917, nambala yopanda nkhope. Miyezi itatu iliyonse, 7.5% ka 8, ikupereka 356,696, kugawa kwake 1.0344, nayonso ayi. Koma pamwezi, 30 kugawa 12 ndi 2.5%, miyezi 24:

200,000 × 1.025^24 = 361,745
368,980 ÷ 361,745 = 1.02

1.02 yoyera chonchi siibwera mwangozi. Ndikuganiza kuti mizere yodulikayo imati chiwongola dzanja chikuwerengedwa mwezi ndi mwezi, komanso pali fizi ya 2% yomwe aiphatikiza ku ngongole poyamba, ndiye ngongole ikuyambira pa 204,000. Ndanena kuti ndikuganiza, chifukwa kuyenda chobwerera sikukupatsa funso lenileni, kumangokupatsa funso lomwe likukwana. Mwina inali fizi ya K4,000 basi osati 2%, apa zikufanana, koma akanasintha ngongole kukhala 300,000 zikanasiyana. Pepala lenilenilo ukalione ndithu.

Tsopano taona kuchepa kwa zinthu ziwirizi pazokha. Pachaka ndi pamwezi, onse ndi 30% yomweyo pa pepala. Chaka chimodzi chikatha wa pachaka ali pa 1.3, wa pamwezi ali pa 1.345 chifukwa chiwongola dzanja cha Januwale nacho chayamba kubereka mu Febuluwale, kusiyana kwake pafupifupi 3.5% basi. Munthu ukhoza kunena kuti aaa zimenezo ndi zazing'ono. Koma chaka chachiwiri kusiyanako kukutaimusidwanso, 1.0345 × 1.0345, kwafika 7%. Zikanakhala zaka 5 bwenzi kuli 18.5%. Paliponse pomwe pali pawa, kaphonyedwe kakang'ono kamabwerezedwa kangapo molingana ndi pawayo, nchimodzimodzi ukaphonya rediyasi ndi 3% eriya imaphonyeka ndi 6% pafupifupi, voliyumu ya mpira 9%.

Fizi ija ndi 2% chabe, koma poti yalowa pachiyambi nayo ikukwera basi yomweyo mpaka kumapeto, 4,000 ija pofika mwezi wa 24 yasanduka 7,235. Potaimusa maperesenti olakwika amaunjikana, 1.07 × 1.02, ndiye pa (a) unali utaphonya ndi 9% yokha. 338,000 ndi 368,980, kungoziyang'ana zikuoneka zapachibale, palibe angakuwe.

Pomwe zinaphulikira ndi pa (b), pochotsera. Ichi ndi chomwe ndikufuna uchigwire kwambiri chifukwa ambiri amaopa kutaimusa ndi mapawa pomwe chigawenga chenicheni ndi mainasi. Kuphonya kwako mu ndalama kunali 30,980. Ndalama imeneyi ikakhala pambali pa 368,980 ndi kachidutswa, koma ukachotsa ngongole pa 400,000 nambala zikuluzikulu ziwirizo zimadyana nkutsala kochepa, pomwe 30,980 ija siinachepe olo tambala, yangosamuka yonse kukakhala pambali pa 31,020. Kuphonya kwafanana msinkhu ndi ansa yeniyeniyo. Nchifukwa chake 9% yalumpha kufika pafupifupi 100% pa sitepe imodzi. Aliyense wogulitsa tomato amazidziwa izi osaphunzira, basiketi ikakwera pang'ono kopikula mtengo wogulitsa osasintha, phindu ndi lomwe limatha theka. Pa (c) sipanawonjezeke kalikonse, kutaimusa ndi 2/5 kwangonyamula kawiri uja mmene analili, 24,800 ndi 12,408.

Ndiye ukakumananso ndi funso lodulika, ndipo ukumana nalo chifukwa zithunzi za pa watsapu ndi mafotokope otha inki sizitha lero, chomwe ine ndimachita nchakuti ndisanalembe nambala iliyonse ndimalemba pamwamba kuti "ndikutenga ngati..." chilichonse mzere wakewake. Zimaoneka ngati kutaya nthawi koma ukangolemba "ndikutenga ngati ndi pachaka" mutu umafunsa wokha kuti nanga ikakhala pamwezi? Kenako ndimathamangitsa samu yonse mpaka pansi ndi njira ziwiri zotalikirana. Apa ukanayesa chiwongola dzanja chosaberekana, 320,000, wochepayo akanapeza 32,000, ukanayesa cha pamwezi akanapeza 15,302. Kuchoka 32,000 kufika 15,302 pa funso limodzi, pamenepo ukanadziwa kuti ansa yomaliza yapachikika pa mzere womwe ulibe, ndipo chanzeru ndi kumuimbira mnzako ajambulenso osati kumangodina mabatani. Zikanatuluka 24,800 ndi 24,500 bwenzi ndikuti pitiriza, chosowacho chilibe mphamvu.

Koma ndisakunamize, njira imeneyi ili ndi malire ake. Imagwira zokhazo zomwe wazikayikira. Fizi ija sukanaiyesa chifukwa sunadziwe kuti iliko, ndipo 12,408 ili kunja kwa 15,302 mpaka 32,000 komwe tinayesa. Chomwe chikanakutsina khutu ndi kukula kwa malo odulikawo. Mizere iwiri yathunthu siingangonena kuti munthu anakongola ndalama, 200,000 ndi 30% ndi zaka 2 zonse zikuoneka kale mmunsi, ndiye mmwambamo munali chiyani chodzadza mizere iwiri?

China, usadule manambala pakati panjira. 1.025^24 ndi 1.808726, ukaidula kukhala 1.8 ngongole ikhala 367,200 mmalo mwa 368,980, kuphonya kosafika theka la peresenti, koma ikadutsa pa mainasi paja phindu likhala 32,800 mmalo mwa 31,020, kwakula kufika pafupifupi 6%. Isiye mu kalikyuleta, dina Ans, udule kumapeto.

Ukapeza pepala lathunthu undiuze ngati inali 2% kapena K4,000, ndabetcha ndi mlamu wanga fanta.