Musanayambe masamu, lembani kaye zimene nyumbayo idzasenze

"Akuluakulu, ndangoyamba kumene ntchito ya uinjiniya wa zomangamanga. Andipatsa nyumba yosanjikiza kamodzi, mashopu pansi, maofesi pamwamba. Abwana akuti ndisakhudze masamu ndisanalembe memo yofotokoza malodi, zipangizo, makhodi ndi zimene ndangoganizira. Ndilembemo chiyani kwenikweni? Mwini nyumba akufuna mapulani sabata ino."

Achimwene, abwana anuwo akunena zoona, ndipo ntchito yake si yaikulu monga mukuopera. Nyumba ya msinkhu umenewu masamba atatu kapena anayi akwana. Chovuta si kulemba ayi, koma kupeza mayankho, chifukwa ena mwa mayankhowo ali m'mutu mwa mwini nyumba ndipo iye sadziwa kuti mukuwafuna.

Yambirani pamwambapo pamene akuti maofesi. Tinene kuti silabu yanu ndi ya mamilimita 150. Konkire yokhala ndi zitsulo, mwa chizolowezi cha makhodi a ku Britain, timaiwerengera 24 kN/m³, ndiye silabu payokha ikulemera 3.6 kN/m². Onjezanipo 1.2 ya sikiridi, matailosi ndi pulasitala wa kunsi, mupeza 4.8. Imeneyi ndi lodi yokhazikika. Ya anthu, mipando ndi madesiki a mu ofesi wamba, khodi ya malodi ya ku Britain, BS 6399, imapereka 2.5 kN/m². Mukatsata BS 8110, khodi ya konkire ya ku Britain, lodi yokhazikika muichulukitsa ndi fakitala ya chitetezo ya 1.4, ya anthu ndi mipando ndi 1.6, ndiye silabu muikonzera lodi iyi:

```
1.4 × 4.8 + 1.6 × 2.5 = 10.7 kN/m²
```

Tsopano mverani zimene ndinaona ndekha zaka zapitazo, pa nyumba ina ya pa tawuni yaing'ono. Maofesi aja anasowa owachita lendi, mwini wake n'kuyamba kusungamo chimanga cha malonda. Thumba la makilogalamu 50 limalemera pafupifupi 0.5 kN. Pa sikweya mita imodzi pamagona matumba awiri, ndipo anyamata osanja anafika mizere khumi kupita m'mwamba. Amenewo ndi matumba 20, tani imodzi, pafupifupi 10 kN/m² pa silabu yomwe inakonzedwera 2.5. Bwerezani masamu aja muone kuti 10.7 yasanduka 22.7. Pamene ankandiitana n'kuti matailosi atathetheka motsatira mabimu, kunsi kwa silabu chapakati kutachita timing'alu, chitseko cha shopu ina pansi chikukana kutsekeka.

Funso loyamba la mwini nyumba linali lakuti, "Nanga munandiuza liti kuti ndisaikemo chimanga?" Ndinafufuza m'fayilo. Munali masamu okongola, munali mapulani, koma pepala lonena kuti pamwambapo ndi pa maofesi basi, lokhala ndi siginecha yake, munalibe. Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba pakamwa pali gwa.

Choncho mu memo musangolemba nambala. Lembani chipinda ndi chipinda ntchito yake, lodi yake, ndi mawu omveka kwa munthu wosadziwa uinjiniya: "Pamwamba si posungira matumba a mbewu, feteleza kapena simenti." Mufunseninso maso ndi maso ngati padzakhale chipinda cha mafayilo, chifukwa chimenecho BS 6399 yomweyo imachipatsa 5.0 kN/m². Mufunse za thanki ya madzi. Ya malita 5,000 ikadzaza ndi matani asanu, pafupifupi 50 kN, ndipo kawirikawiri imabwera nyumba itatha, pulambala n'kuikhazika pomwe paipi yafupikira. Funso lina limene eni nyumba amayankha mozemba ndi la kusanjikizanso. Ngati akuti "mwina m'tsogolo muno", tengani kuti adzachitadi: mwina muwerengere mapilala ndi maziko a nsanjika yachitatuyo, kapena mulembe poyera kuti simunaiwerengere.

Pa makhodi, sankhani banja limodzi ndipo mulembe dzina ndi chaka chake. M'maofesi mwathu mupeza ena akugwira ndi BS 8110, ngakhale kuti ku Britain komweko inalowedwa m'malo ndi makhodi a ku Ulaya mu 2010. Ena ali pa EN 1992, khodi ya konkire ya ku Ulaya, ena pa SANS 10160 ya ku South Africa pa nkhani ya malodi. Funsani abwana ndi a khonsolo ovomereza mapulani kuti atsata iti. Choipa ndi kusakaniza, kutola mafakitala a lodi a 1.35 ndi 1.5 ku Ulaya, njira yowerengera zitsulo n'kuitenga ku BS 8110. Khodi iliyonse inalinganiza chitetezo chake mbali zonse ziwiri, ya lodi ndi ya zipangizo, ndiye mukatola theka uku theka uko simudziwanso kuti mwatsala ndi chitetezo chochuluka bwanji.

Msampha wina wabisala pa nambala ya konkire. Mukangolemba kuti "konkire ya 25", mwasiya mpata. BS 8110 imayeza mphamvu ndi kiyubu, pamene EN 1992 imawerengera ndi silinda, n'chifukwa chake imalemba C25/30: 25 ya silinda, 30 ya kiyubu. Pa saiti kwathu kuno timaumba makiyubu. Inu mukawerengera 25 ya silinda, kontirakitala n'kubweretsa zotsatira za makiyubu za masiku 28 zosonyeza 25, aliyense aomba m'manja, chikhalirecho konkireyo ndi ya C20/25, yofooka kuposa imene munadalira. Mzere umodzi mu memo umatseka dzenje limeneli. Chimodzimodzi zitsulo: lembani ngati mwawerengera mphamvu ya 460 kapena 500 N/mm², ndipo munene kuti zidutswa zikakokedwe ku labu zisanamangidwe. Lembaninso kuchindikala kwa konkire yokuta zitsulozo.

Gawo limene achinyamata amalemba mwamanyazi ndi la zongoganizira, ngati kuti kuvomera kuti chinthu sichinayezedwe ndi kufooka. Ine ndimalemba choganizira chilichonse ndi zinthu zitatu pambali pake: adzachitsimikize ndani, liti, ndipo chikapezeka cholakwika chidzasinthe n'chiyani. Tengani dothi. Lipoti palibe, ndiye mwaganizira kuti lisenza 150 kN/m². Pilala yobweretsa 450 kN, mafakitala asanalowepo, ifuna phazi la masikweya mita atatu, kunena kuti mamita 1.75 mbali zonse. Akakumba n'kupeza dothi la kudambo losenza 75 yokha, phazilo likula kufika masikweya mita asanu ndi limodzi, mamita 2.45 mbali zonse. Ngati ndi makande a ku Chigwa cha Shire, otupa nthawi ya dzinja n'kung'aluka m'chilimwe, mwina mtundu wonse wa maziko usintha. Ndiye lembani kuti maenje oyezera akumbidwe mapulani a maziko asanaperekedwe kwa omanga, ndi kuti mtengo wa maziko ungakwere. Mwini nyumba akamva zimenezi lero amangong'ung'udza. Akazimva konkire ili pa saiti, ndi mlandu.

Mphepo ndi chivomerezi musazidumphe mwakachetechete. Tili m'chigwa chachikulu chong'ambika cha kum'mawa kwa Africa. Salima inagwedezeka mu 1989, Karonga mu Disembala 2009. Lembani nambala imene mwagwiritsa ntchito ndi kumene mwaitenga. Ngati ofesi yaganiza zosawerengera chivomerezi, chiganizo chimenecho chilembedwe ndi chifukwa chake, ndipo asaine ndi injiniya wolembetsedwa, osati inu amene mwangoyamba kumene.

Za sabata ino, chitani chonchi. Lero lembani memoyo, muipatse deti ndi nambala, Rev A. Mawa m'mawa ipite kwa abwana ndi kwa akitekiti, masana mukakhale pansi ndi mwini nyumba mumuwerengere tsamba la malodi m'Chichewa, asaine. Nkhani ya thanki ikadzatulukira mwezi wamawa, musafufute kalikonse mu yakaleyo. Tulutsani Rev B, mulembe chimene chasintha, ndipo mubwerere ku bimu ndi mapilala omwe adzaisenze.