Ulusi wa kunja: nambala yake, moto ndi madzi

"Amayi, ndasonkhanitsa kampamba ndipo ndikufuna kuyamba kukapikula ulusi kunja kuti ndizigulitsa kwa atelala kuno. Kodi mumadziwa bwanji ulusi woyenera nsalu iyi kapena iyo, woti msoko usamasuke pochapa?"

Mchemwali wanga, ndayenda ndi makatoni a ulusi kuchokera ku Kariakoo ku Dar es Salaam, ku Kamwala ku Lusaka ndiponso ku Joni kwa zaka zoti ana amene ndinkawasiya ali kumsana tsopano ali ndi ana awo, ndipo chimene ndingakuuzeni poyamba n'chakuti ulusi sagula ndi maso. Wogulitsa adzakuonetsani mitundu yowala ataiyala ngati maluwa, koma telala amene mudzamugulitse sadzakufunsani za kuwala tsiku limene mwini chovala adzamubwezere malaya atang'ambika m'khwapa. Ine m'chikwama changa simusowa zinthu zitatu: machesi, kasikelo kakang'ono ka magalamu ndi kabotolo ka madzi. Alipo amene amandiseka m'masitolo akandiona ndikuyatsa moto, koma amene amandisekawo ambiri a iwo anasiya kale malondawa.

Nambala zimene zimalembedwa pansi pa koni, mpukutu wa ulusi wokulungidwa pa kapulasitiki, muzizidziwa ngati dzina lanu. Pakalembedwa 40/2, ndiye kuti timaulusi tiwiri ta nambala 40 tapotedwa pamodzi, ndipo nambala yoyambayo ikamakula ulusi umachepa thupi, osati kunenepa ayi. Ambiri amagwa pomwepa, amatenga 60/2 poganiza kuti ndi wolimba kuposa 40/2, pamene ndi wowonda woyenera nsalu zopyapyala zokha. Wa poliyesita wa 40/2 ndiwo nsima ya malondawa: umasoka chitenje, malaya, madiresi ndi mayunifolomu a sukulu ndi singano ya nambala 14, ndipo pa makatoni 10 amene ndimabweretsa, 7 amakhala a umenewu, woyera ndi wakuda wochuluka. Wa 20/2 ndi wa jinzi, maovolosi ndi zikwama za ana, ndipo umafuna singano ya 16 kapena 18. Wa 20/3 ndi wa osoka mipando, matenti ndi nsapato, ndipo musaugulitse kwa munthu wa makina apakhonde opalasa ndi phazi, chifukwa udzawunjikana pansi pa nsalu ngati chisa, iye n'kumanena kuti mwamugulitsa ulusi woola.

Telala wongoyamba akakuuzani kuti akufuna ulusi wonenepa kuti diresi lilimbe, mukaneni ngakhale ndalama ali nazo m'manja. Ulusi ukaposa nsalu mphamvu, chimene chimang'ambika ndi nsalu, ndipo mabowo a singano yaikulu amasanduka mzere wong'ambirapo. Msoko ukaduka amabwereza pa makina kwa mphindi ziwiri, koma nsalu ikang'ambika m'mbali mwa msoko chovalacho chatha. Komanso nsalu yopyapyala ikasokedwa ndi ulusi wolemera imakhwinyata, ndipo simbi singaiwongole. Kuti mudziwe ngati singano ikuyenera ulusi, ilowetseni pa ulusi wotalika ngati mkono, mugwire uku ndi uku n'kupendeketsa: ikatsetsereka yokha ndiye kuti zikugwirizana, ikakakamira ndiye kuti diso lake lachepa ndipo ulusi uzidukaduka.

Tsono za madzi, apa ndi pamene ndili ndi chipsera. Chaka china ndili ku Kariakoo, mwini sitolo wina anandiitanira kuseri n'kundionetsa makoni a ulusi woyera wonyezimira, wosalala ngati tsitsi la mwana, ndipo anati ndi silika wotsala pa oda ya fakitale ina, andipatsa pa theka la mtengo wa poliyesita. Pansi pake panalembedwa 120D/2, nambala imene nthawi imeneyo sindinkaidziwa, ndipo sindinafune kufunsa kuopa kuoneka wakumudzi. Ndinaukoka ndi manja uli wouma, unaduka msangako pang'ono, koma mtengo unanditseka maso. Ndinatenga makoni 600, ena mwa iwo ndi ndalama ya katapila. Nditafika ku Lilongwe ndinapatsa ambiri kwa telala wanga wakalekale, bambo amene anali atangolandira ntchito yosoka mabulauzi oyera 200 a amayi a mpingo wina, okavala ku msonkhano waukulu. Misoko inatuluka yokongola yoti amayiwo anamuyamikira pamaso pa anthu.

Panangopita milungu itatu. Inu mukudziwa mmene timachapira choyera kwathu kuno: kuchinyika usiku wonse m'jiki, kuchitikita ndi sopo wamtanda, kuchimenya pamwala, kenako kuchifinya ndi manja awiri mpaka dontho lomaliza. Ulusi uja sunali silika, unali reyoni wopetera maluwa pa makina, ndipo reyoni akanyowa amataya mphamvu pafupifupi theka, jiki n'kudzamutsiriza. Mabulauzi anayamba kutumbuka m'khwapa ndi m'mapewa, ena ali pamwala pomwepo, ena ali m'thupi mwa eni ake pakati pa nyimbo. Telala uja anabwera kunyumba kwanga m'mawa kusanache atanyamula thumba la mabulauzi pa njinga, sanakhale pansi, sanandipatse moni, anangotulutsa imodzi n'kuinyika m'ndowa yanga, kenako anakoka msoko ndi zala ziwiri ndipo unamasuka wonse mwakachetechete ngati akusenda nthochi. Anangoti, "Mayi, mwandiphera dzina." Mawu amenewo ndimawamvabe mpaka lero.

Ndinalipira ulusi watsopano ndi anyamata atatu oti asole misoko yonse ndi kusokanso, ndipo nsalu zina zimene zinaonongeka posola ndinagula zina. Makoni otsala anakhala pansi pa bedi langa chaka chathunthu mpaka ndinapeza opeta nsalu za pamipando amene anawatenga pa mtengo wachisoni. Wa katapila sanadikire zimenezo, anatenga firiji. Chimene chimandiwawa n'chakuti ndodo imodzi ya machesi ndi kapu ya madzi zikanandipulumutsa. Poliyesita akayandikira moto amafwanyapala n'kusungunuka, ndipo kumapeto kumatsala kampira kakuda kolimba koti simungakaphwanye ndi zala. Thonje ndi reyoni zimayaka ngati pepala, fungo lake n'lomwelo, ndipo zimasiya phulusa lofewa. Zikayaka choncho, nyowetsani ulusiwo n'kuukoka: wa thonje umalimbirako ukanyowa, pamene reyoni amangolekana popanda ngakhale kulira. Kuyambira pamenepo sindilipira katoni ndisanawotche ndi kunyika, ndipo ndimatenga koni ya pansi pa katoni, osati imene wandipatsa wogulitsa.

Musaganize kuti wa thonje ndiye wopanda mlandu. Ndi wabwino pa nsalu ya thonje imene idzasitidwe ndi simbi ya makala yotentha kwambiri, pakuti susungunuka, ndiponso pa chovala choti adzachinyike mu utoto chitasokedwa kale, chifukwa poliyesita salandira utoto wa thonje ndipo misoko imatsala yoyera. Koma ungathe kufupika pa kuchapa koyamba n'kukwinya msoko, ndipo ukasungidwa ponyowa umachita nkhungu n'kufumbwa. Izi ndinaziona pa chipata china cha m'malire, pamene bwana wina wa msonkho anandilamula kutsitsa makatoni onse m'nyengo ya dzinja, n'kung'amba mapulasitiki ake ndi kiyi wa galimoto ati akufuna zimene ndabisa pakati. Atapeza kuti ndi ulusi basi anapita kukadya, katundu wanga ali pabwalo, mvula n'kugwa. Pobwera anakana malisiti anga, ati ulusi ndi ulusi, ndipo anawerengera makoni onse pa mtengo wa 20/3 ngakhale ndinamuonetsa nambala pansi pa koni iliyonse. Munthu woti sangasiyanitse singano ndi msomali, koma ndiye wogwira chidindo. Wa poliyesita ndinauyanika n'kuugulitsa bwinobwino, koma makoni 48 a thonje anatuluka madontho akuda patatha mlungu, ndipo ndinawataya. Lero katoni iliyonse ndimaikulunga kawiri, ndipo wa thonje ndimautenga pokhapokha wina atandituma.

Osoka matenti ndi malona a galimoto adzakuvutitsani kuti muwabweretsere nayiloni, chifukwa pokoka ndi manja ndiye wamphamvu kwambiri. Abweretsereni wa nsapato ndi zikwama, koma pa chinthu chokhalira padzuwa auzeni kuti poliyesita wonenepa ndiye amapirira, pakuti dzuwa limadya nayiloni msanga, ndipo jiki amamuchititsa chikasu n'kumufooketsa. Ulusi wofewa wa makina a ovaloku, wooneka ngati ubweya, ndi wophimbira m'mphepete mwa nsalu basi. Wina akausokera msoko wonyamula thupi, kapena akaupondereza ndi simbi yamoto, mlandu udzafika kwa inu.

Kasikelo kaja ndi kogwirira akuba mayadi. Ulusi wa 40/2 wokwana mayadi 5,000 umalemera pafupifupi magalamu 135 popanda kapulasitiki kam'kati, ndipo wa 20/2 wotalika chimodzimodzi umalemera kawiri, magalamu 270. Ulendo wina ndinayeza koni yolembedwa 5,000 ndipo inalemera magalamu 140, wogulitsa n'kumwetulira kuti mwaona, yaposa. Ndinamupempha kapulasitiki kopanda ulusi ka mtundu womwewo, ndipo kokhako kanalemera magalamu 35. Ulusi weniweni unali magalamu 105, kutanthauza mayadi osakwana 4,000, ndiye kuti pa makoni asanu alionse imodzi ndikanalipira mphepo. Telala wa ovaloku, amene makina ake amameza ulusi ngati ng'ombe pa dziwe, amazindikira zimenezi mlungu usanathe, ndipo sabwera kudzadandaula, amangosamukira kwa mnzanu. Ndinauza wogulitsayo kuti tiwerengerane pa magalamu 105, anakwiya, ananditchula mayina m'Chiswahili, koma nditafika pakhomo anandiitana.

Mitundu yofiira, yabuluu wakuda ndi yobiriwira muziiyesanso padera, makamaka ngati idzasokere nsalu yoyera. Dulani ulusi pang'ono, muunyike m'madzi otentha a sopo, muukulunge m'kansalu koyera n'kupondereza ndi simbi. Kansaluko kakatuluka ndi mzere, siyani katoniyo ngakhale akutsitsireni mtengo motani. Telala wa mabulauzi uja anayambanso kugula kwa ine patapita zaka ziwiri, koma mpaka pano koni iliyonse amaiwotcha kunsonga ine ndili chiimire pomwepo, ndipo machesi ake ndimamupatsa ndine.