Kaundula wa nkhani: kuti akufa asamadzuke okha mu buku lachitatu

Imelo iyi yachokera kwa mlongo wina wa ku Chipoka: "Achimwene, ndikulemba nkhani yaitali ya maufumu ndi zamatsenga, ndimaponya pa fesibuku gawo ndi gawo ndipo pano ndili buku lachitatu. Vuto ndi loti ndayamba kuiwala zanga zomwe, sabata yatha wina wandikumbutsa mu komenti kuti mkulu wa asilikali amene ndamubweretsa uja anafa kale mu gawo 17. Inu mumasunga bwanji zonsezi?"

Chemwali, anzathu akunja amachitcha baibulo la nkhani, ine ndimangoti kaundula, ndipo wanga anayamba ngati hadikava wamba yogula pa boma pano ku Nkhotakota. Koma musanayambe kudzaza masamba ndi mtundu wa maso a anthu anu, yambani ndi nthawi, chifukwa zosokonekera zanga pafupifupi zonse ndikazifufuza bwino zimapezeka kuti gwero lake ndi kalendala.

Sankhani chinthu chimodzi chachikulu chimene chinachitika m'dziko lanulo muchitche chaka 0, zina zonse muziwerengera kuchokera pamenepo. Kwa ine chaka 0 ndi chaka chimene nyanja inameza mudzi wa mfumu. Ndiye pa tsamba la munthu aliyense musalembe kuti ali ndi zaka 15 ayi, zaka zimasintha buku lililonse, lembani chaka chobadwa basi, ndipo akafa mulembe chaka ndi gawo limene wafera, ndi bolopeni yofiira kuti muziona muli patali. Mkulu wa asilikali wanuyo akanakhala ndi mzere wofiira simukanamudzutsa.

Ine zinandionekera chonchi. Mtsikana wa m'nkhani yanga, Ndaziona, anabadwa chaka 4. Buku loyamba likuchitika chaka 19, ndiye kuti ali ndi zaka 15, lachitatu likuchitika chaka 26, ali ndi zaka 22, mpaka apa bwinobwino. Koma mu buku lachitatulo ndinalemba gawo lokoma kwambiri, ndinkadzitama nalo, Ndaziona akukumbukira usiku wa chigumula ali kumbuyo kwa mayi ake, madzi akufika m'chiuno, mbuzi zikulira. Patapita masiku awiri mphunzitsi wina anangolemba kuti "koma mwanayu anali asanabadwetu". Zoona eti, chigumula chinachitika kutatsala zaka zinayi kuti abadwe. Kufufuta sikukanatheka anthu anali atawerenga kale, ndiye ndinatsegula kaundula kuona kuti ndani analipo usiku umenewo, ndinapeza mchimwene wake amene anabadwa zaka zisanu chigumula chisanachitike, woti angakumbukiredi. Patsogolo ndinalemba kuti mchimweneyo ndi amene ankamufotokozera nkhaniyi usiku ndi usiku ali ana mpaka iye anayamba kuiona ngati yake, ndipo tsiku limene anakangana mchimwene anamulasa nazo kuti iwe kunalibe, ukulira chiyani. Zinatheka chifukwa zaka zinali zolembedwa, ndikanangodalira mutu ndikanakonza bodza ndi bodza linzake.

Zaka zikakhala m'malo mwake bwerani ku masiku, apa ndi pamene anthu a kunyanja kuno sakunyengererani. Lamulo lina m'nkhani yanga ndi loti Ndaziona amatha kuitana mizimu ya m'madzi pokhapokha mwezi uli mumdima. Mu gawo lina anaitana mizimu, m'mawa mwake nkuyamba ulendo wapansi wa masiku anayi, mtunda wonga wochoka pa Salima kufika ku Nkhotakota, womwe ndi makilomita oposa 100, ndipo atafika ndinalemba kuti anapeza anthu akuvina pabwalo mwezi uli mbee wathunthu. Msodzi aliyense wa usipa angakusekeni, iwo moyo wawo ndi mwezi, amadziwa kuti ukawala kwambiri nyali sizikoka nsomba. Mwezi umatenga masiku 29 ndi theka kuti uzungulire, kuchoka mumdima kufika pathunthu ndi pafupifupi masabata awiri, ndiye patsiku lachinayi umakhala kachigawo kowonda kolowa usiku usanapite patali. Chimodzimodzi mphepo, ngati mwanena kuti ndi nyengo yozizira anthu atakolola, ndiye kuti mwera ukuwomba, bwato la mtengo silingamawoloke nyanja ili bata tsiku lililonse ngati palibe kanthu. Dziko lanu ndi lopeka inde, mutha kulipatsa miyezi iwiri kumwamba ngati mukufuna, koma mukatero lembani kuti uliwonse umazungulira masiku angati ndipo muzitsatira.

Ndiye masiku ano gawo lililonse lili ndi mzere wake: nambala ya gawo, chaka, tsiku la mwezi wa kumwamba kuyambira 1 mpaka 30, nyengo, malo, amene analipo, chimene chachitika. Izi ndinazisamutsira mu Google Sheets chiswe chitadya ngodya ya hadikava ija, zimatheka ndi pafoni pomwe ngakhale zimatopetsa zala. Bokosi la amene analipo musalipeputse, ndi limene limakuuzani kuti ndani akudziwa chinsinsi chiti. Inu mlembi mumadziwa zonse nchifukwa chake ndi kosavuta kumuyankhulitsa munthu zinthu zoti sanamvepo, ine ndisanalembe kuti wakuti akudziwa amene anapha mfumu ndimayang'ana kaye kuti anamva gawo liti, kwa ndani, ndikapanda kupeza mzerewo ndiye kuti sakudziwa basi.

Malamulo a matsenga ndimawalemba mwachidule, lililonse mizere itatu: mphamvuyo imachita chiyani, mwini wake amalipira chiyani, ndi chimene singachite zivute zitani. Wachitatuwu ndi umene umapulumutsa. Kwa Ndaziona, akaitana mizimu amakhala masiku atatu osayankhula, ndipo mizimuyo siyingachoke m'madzi kupitirira pamene mafunde amalekezera. Mu buku lachiwiri ndinkafunitsitsa kuti imuthandize ali kuphiri, zikanandifupikitsira ntchito, koma owerenga akanafunsa kuti nanga bwanji sinapulumutse mayi ake kumunda mu buku loyamba lija. Ndinachita kusintha nkhondo yonse kuitsitsira kugombe. Pambali pa lamulo lililonse ndimalemba gawo limene linatchulidwa koyamba ndi mawu ake enieni, chifukwa "masiku atatu" ndi "masiku angapo" si chimodzi ukafika pofuna kuzemba.

Chinanso, siyanitsani zimene anthu awerenga kale ndi zimene zili m'mutu mwanu. Mu hadikava ndinkalemba zotuluka ndi bolopeni, zoganizira ndi pensulo, pa foni ndimangosintha mtundu. Za pensulo mutha kusintha mmene mungafunire, za bolopeni zatha zimenezo, mungozizungulira ngati mmene ndinachitira ndi chigumula chija. Ndipo kaundula muzidzaza mukamaliza kulemba gawo, mphindi khumi zokha musanaponye, osati kukhala miyezi itatu mukupeka mayina a mafumu makumi anayi amene sadzaoneka n'komwe mu nkhani, ndili ndi mnzanga ku Dwangwa ali ndi mapu okongola zedi koma gawo loyamba mpaka lero.

Poti inu muli kale buku lachitatu, ntchito yake ndi yobwerera m'mbuyo. Koperani magawo onse muwaike mu fayilo imodzi, muwerenge kuyambira gawo 1 mukudzaza mizere ija, magawo asanu patsiku akukwana. Dzina lililonse mulisake ndi Ctrl+F pa kompyuta, mudzadabwa kupeza munthu mmodzi mwamulemba masipelo awiri. Za mkulu wa asilikaliyo, kawerengeni gawo 17 bwinobwino muone ngati mtembo wake unaoneka ndi maso komanso ndani anauona. Ngati anangogwera m'madzi anthu nkumati wafa, muli ndi mwayi, mungofotokoza kumene anali zaka zonsezi. Koma ngati munamuika m'manda anthu akuona, pepani chemwali, amene wabwerayo akhale mng'ono wake, ndipo mumulembere chaka chobadwa lero lomwe.